Mwana akatsegula m'mimba nkutentha thupi: zomwe mayi wina anachita usiku umodzi

Ndimagwira ntchito ya unamwino kumbali ya ana, ndipo nyengo ya mvula ikangoyamba benchi yathu imadzaza ndi ana otsegula m'mimba. Lero ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene anabwera mmamawa wina pa kabaza, mwana wake wamwamuna wa miyezi 11 ali kumsana. Dzina sinditchula.

Mwanayu anayamba dzulo lake masana, chimbudzi cha madzimadzi, ndipo pofika madzulo mayi anali atasintha thewera kanayi. Thupi nalo linayamba kutentha. Apongozi awo atamuona anati ndi mano amenewo akumera, zisiya zokha, anthu ambiri ndi mmene amaganizira ndipo sindiwanena, chifukwa msinkhu womera mano ndi womwewonso mwana akukwawa nkumatola chilichonse pansi kuika mkamwa, nde tizilombo timalowa nthawi imeneyo. Koma mano paokha sapangitsa mwana kutsegula madzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Mayiwa anali ndi paketi ya Thanzi ORS imene alangizi a zaumoyo anawapatsa ku sikelo. Anawiritsa madzi, nkuwasiya azizire, nkuyeza lita imodzi pogwiritsa ntchito botolo la 500ml kawiri, kenako anathira paketi yonse. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Ena amathira theka la paketi mu kapu kuti ina asunge, ena amaonjezera shuga kuti mwana akonde. Musatero chonde, mchere ndi shuga zili mu paketimo anaziyeza kuti zigwirizane ndi lita imodzi, madzi akachepa mchere umakhala wambiri ndipo ungamuvulaze mwana, shuga akachuluka kutsegula kumaonjezereka. Nchifukwa chakenso Fanta kapena sobo si zoti mulowetse mmalo mwa Thanzi.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amafunika 50 mpaka 100ml akangochita chimbudzi chamadzi, tinene kota kapena theka la kapu, ndipo mumampatsa ndi kasupuni pang'onopang'ono. Mayiwa anandiuza kuti cha mma 10 usiku mwana anasanza zonse, iwo mtima unangoti myuu, koma anakumbukira zimene anauzidwa, anadikira mphindi 10 nkuyambanso, supuni imodzi, kudikira pang'ono, supuni ina. Usiku wonse anakhala pa mphasa ndi tochi ya foni atatsamira khoma, mwana pa miyendo, uku akuyamwitsa uku supuni ili m'manja. Bulangete anamuchotsa nkumusiya ndi kachitenje kopepuka chifukwa cha kutenthako. Kuyamwitsa sanasiye ngakhale wina anawauza kuti bere likuonjezera kutsegula, ndipo anachita bwino kwambiri, mkaka wa m'mawere ndi madzi komanso chakudya chimene mimba yodwala imalandira mosavuta.

Ndiye chinawadzutsa kuti athamangire ku chipatala ndi chani? Kutacha anaona maso a mwana alowa mkati, liwombo lalowa, akalira misozi osatuluka, ndipo thewera linalibe mkodzo chiyambire pakati pa usiku. Pa liwombo ndiime kaye. Kumudzi anthu amati mwana wadwala liwombo nkumakamusakira mankhwala opaka pamutu, koma liwombo likalowa mwa mwana wotsegula m'mimba, thupi likukuuzani kuti madzi atha. Madzi akabwerera limadzadza lokha. Nthawi imene mukupaka zija mwana akupitiriza kuuma.

Atalowa ndinawafunsa kuti, amayi, mwana wayamba liti ndipo m'chimbudzi muli magazi? Anati ayi anesi, ndi madzi okhaokha. Tinamuika pa sikelo, makilo 8. Kutentha kunali 38.9. Ndinatsina khungu la pamimba nkulisiya, linabwerera mochedwerapo, koma nditampatsa kapu anaigwira ndi manja onse awiri kumwa mwa ludzu ndipo amalira movuta. Kwa ife zimenezi zikutanthauza kuti madzi achepa ndithu koma sanafike poipitsitsa. Mwana amene timamuopa kwambiri ndi uja wangoti zii, osalira, osatha kumwa, khungu ukatsina limakhala chiimire kupitirira masekondi awiri. Ameneyo ndi wa diripi pompopompo.

Chifukwa cha kutentha thupi tinamubaya pachala kuyeza malungo. Kuno kwathu mwana aliyense wotentha thupi amayenera kuyezedwa, olo mukuona kuti vuto ndi m'mimba, poti malungo mwa ana amathanso kubwera ndi kusanza ndi kutsegula, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Patapita mphindi ngati 20 zotsatira zinatuluka, malungo mulibe, nde LA sitinapereke. Tinamuonanso m'makutu, kukhosi ndi mmene akupumira, zonse zinali bwino. Tinampatsa panado woyezera pa kulemera kwake.

Apa mayi anayamba kudandaula. Anati anesi, ndalipira kabaza ulendo wonsewu kuti mungondipatsa Thanzi yemweyo ndamusiya kunyumba? Mubayeni jakisoni kapena mumuike diripi. Ndinawamvetsa, munthu sanagone ndipo akuona mwana wake akufooka. Ndinakhala nawo pa benchi nkuwafotokozera kuti mwana amene akutha kumwa, madzi odzera pakamwa amagwira bwino ntchito ndipo sipafunika kumusaka mtsempha. Chosiyana ndi kunyumba ndi muyeso wake, timawerengera 75ml pa kilo iliyonse, ndiye makilo 8 ndi 600ml, ndipo ayenera kumaliza mu maola anayi ife tikumuona. Jakisoni analibe ntchito, kutsegula kwa madzi kotere mwa ana aang'ono nthawi zambiri kumabwera ndi mavairasi ngati rota, ndipo Flagyl kapena Bactrim amene anthu amagula pa golosale sapha vairasi. Mankhwala a mtundu umenewo timaganizira pamene muli magazi m'chimbudzi kapena tikukaikira kolera, ndipo amasankha ndi achipatala. Mapiritsi oimitsa kutsegula aja akuluakulu amamwa, kwa mwana ndi oopsa, musayerekeze.

Anakhala pakona ndi kapu ndi supuni. Mwana anasanza kamodzi, tinadikira, tinapitiriza. Ola lachitatu lisanathe mayi anandiitana, anesi bwerani muone, chitenje chawo chinali chitanyowa ndi mkodzo ndipo iwo akumwetulira. Ifenso timasangalala ndi mkodzo umenewo chifukwa umasonyeza kuti impso zapeza madzi. Pofika masana maso anali atabwerera, mwana akukoka mpango wa mayi ake.

Powatulutsa tinawapatsa mapaketi a Thanzi ndi zinki. Mwana wopitirira miyezi 6 amamwa piritsi la 20mg kamodzi pa tsiku kwa masiku 10 kapena 14 malinga ndi mmene akulemberani, wochepera pamenepo ndi theka, mumasungunula pa supuni ndi timadzi kapena mkaka wa m'mawere. Zinki amafupikitsa matendawa komanso amateteza kuti asabwererenso msanga mmiyezi iwiri itatu yotsatira, vuto ndi loti ambiri amasiya tsiku lachitatu mwana akangoyamba kusewera. Ndinawauzanso kuti Thanzi wosungunula akatha maola 24 atayidwe, phala apitirize pang'onopang'ono kangapo pa tsiku lothira nsinjiro, ndipo akachira amuonjezere chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Akaona magazi, kukomoka, kusanza chilichonse, kukana bere kapena kutentha kosasiya, abwerenso olo pakati pa usiku.

Anabweranso ku sikelo mwezi wotsatira, buku la mwana lili m'manja. Makilo anali 8.3, ndipo kapepala ka zinki anabwera nako kuti ndione kuti mapiritsi onse anatha.