Musanalembe kalata yopempha tchuthi, yambani mwawerengera masiku anu

Pa zaka zimene ndagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, makalata ambiri opempha tchuthi amene ndawabweza anali olembedwa mwaulemu ndiponso m'chilankhulo chabwino, koma eni ake ankapempha masiku amene analibe, kapena ankapempha pa nthawi imene malamulo a kampani salola. Kalata yopempha tchuthi imadalira zinthu zitatu zimene muyenera kuzidziwa musanagwire cholembera, zomwe ndi masiku amene mukuyenera kulandira pa chaka, masiku amene atsala m'kaundula wanu lero, ndi ndondomeko imene kampani yanu inaika yopemphera tchuthicho.

Tiyambe ndi masiku amene mukuyenera kulandira. Kuno ku Malawi, lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 44, limanena kuti munthu wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ayenera kupuma masiku a ntchito osachepera 15 pa chaka akulandira malipiro ake, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kupuma masiku osachepera 18. Mawu oti "osachepera" ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa lamulo limangoika malire a m'munsi. Bwana sangakupatseni masiku ochepera pamenepo, koma akhoza kukupatsani ochulukirapo, ndipo makampani ambiri amatero, makamaka kwa antchito a maudindo okwera kapena amene akhalitsa. Nchifukwa chake nambala yanu yeniyeni muyenera kuifunafuna mu kontirakiti imene munasaina polowa ntchito, kapena m'buku la malamulo a antchito a kampaniyo, ndipo ngati munakwezedwa udindo muone kalata yokukwezaniyo, pakuti nthawi zina masiku amasintha pamodzi ndi giredi.

Tchuthi cha pachaka ndi chosiyana ndi mitundu ina ya tchuthi, ndipo kusakaniza mitunduyi ndi kumene kumadyera anthu masiku. Lamulo lomwelo limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza tchuthi cha matenda cha masabata osachepera anayi pa malipiro athunthu ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, malinga ngati wabweretsa kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuyambira pamene lamulo linakonzedwa mu 2021, bambo amene kwawo kwabadwa mwana ali ndi masabata awiri pa zaka zitatu zilizonse. Tchuthi cha maliro chimadalira zimene kampani inalemba m'buku lake. Mtundu uliwonse uli ndi kaundula wakewake, choncho kalata yanu iyenera kutchula momveka mtundu umene mukupempha.

Tsopano tifike pa masiku otsala, pamene pamagona mikangano yambiri. Ndipereke chitsanzo cha mayi wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, amene kontirakiti yake imamupatsa masiku 18 pa chaka, ndipo chaka cha tchuthi pa kampani yawo chimayamba mu Januwale nkutha mu Disembala. Buku la kampaniyo limati masiku amasonkhanitsidwa mwezi ndi mwezi, kutanthauza kuti masiku 18 kuwagawa m'miyezi 12 ndi tsiku limodzi ndi theka pa mwezi. Mayiyu akufuna kupuma kuyambira Lolemba pa 29 Juni 2026 mpaka Lachisanu pa 10 Julayi, kuti akaone makolo kumudzi, ndipo akufuna kulemba kalata yake pa 1 Juni.

Choyamba amawerenga masiku amene tchuthicho chidye. Masabata awiri ali ndi masiku a ntchito khumi, pakuti Loweruka ndi Lamulungu sawerengedwa kwa munthu amene sagwira ntchito masiku amenewo. Koma pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, chaka chimenecho likhala Lolemba, ndipo holide ya boma siichotsedwa pa tchuthi cha munthu. Motero masiku oyenera kupempha ndi 9, osati 10. Amene amangolemba kuti "ndikupempha masabata awiri" amasiyira kalaliki kuti awerenge yekha, ndipo kalaliki wotanganidwa akhoza kungochotsa khumi popanda njiru iliyonse.

Kenako amawerenga masiku amene ali nawo. Chaka chatha anatsala ndi masiku 4 amene analoledwa kuolokera nawo chaka chino. Kuchokera Januwale mpaka kutha kwa Meyi wasonkhanitsa masiku 7 ndi theka, ndipo mu Epulo anapuma masiku 3. Mwa kuwerengera kwake, pa 31 Meyi ali ndi masiku 8 ndi theka, ndipo pofika kutha kwa Juni adzakhala ndi 10, amene ndi okwanira tchuthi cha masiku 9. Atapita ku ofesi yoona za antchito kukafunsa, akumuuza kuti kaundula akuonetsa masiku 6 ndi theka. Masiku awiri asowa, ndipo ngati kaundulayo akhala momwemo, pofika kutha kwa Juni adzakhala ndi 8 okha, pempho lake nkukanidwa kapena kudulidwa.

Apa ndi pamene ndimalangiza anthu kuti asamangofunsa nambala yotsala pakamwa, koma azipempha kuona ndandanda yonse ya masiku amene analembedwa kuti anapuma, tsiku ndi tsiku. Pa chitsanzo chathuchi, ndandanda ikuonetsa kuti masiku awiri a mu Januwale, pamene mayiyu anapita ku maliro a apongozi ake, anachotsedwa pa tchuthi cha pachaka, chonsecho buku la kampani limapereka masiku apadera a maliro a wachibale wapafupi, ndipo apongozi ali pa mndandanda wa achibalewo. Zoterezi zimachitika kawirikawiri chifukwa uthenga wa maliro umafika usiku, munthu amaimbira foni bwana wake ali kale pa depoti, ndipo fomu imadzalembedwa pambuyo, mwina ndi munthu wina amene amangochonga bokosi loyamba. Vuto lotere likonzedwe kalata isanalembedwe. Mayiyu apereke umboni umene buku limafuna pa tchuthi cha maliro, apemphe kuti kaundula asinthidwe, ndipo alandire nambala yatsopanoyo yolembedwa, kaya pa pepala losainidwa kapena pa imelo. Kukangana za masiku awiriwo mkati mwa kalata yopempha tchuthi kumachedwetsa zonse, chifukwa bwana wosaina alibe kaundula m'manja mwake ndipo sangaweruze nkhaniyo.

Masiku oolokera nawo chaka china amafunikanso kusamala. Lamulo limati tchuthi chitengedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pamene chakwanira, ngakhale kuti wantchito ndi bwana akhoza kugwirizana kuchisunthira mtsogolo. Makampani ambiri amaika malire a masiku amene munthu angaolokere nawo komanso tsiku limene ayenera kukhala atawagwiritsa ntchito. Ine ndimaona kuti wantchito amene bwana anamupempha kuti asapite kutchuthi chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito ayenera kulimbikira kuti pempho la bwanalo lilembedwe, pakuti mabwana amasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo sadziwa zimene munapangana pakhonde.

Chachitatu ndi ndondomeko ya kampani. Lamulo limapereka mphamvu yosankha nthawi ya tchuthi kwa bwana atakambirana ndi wantchito, motero kukhala ndi masiku sikutanthauza kuti mupuma tsiku lililonse limene mwafuna. M'buku la antchito yang'anani kuti pempho liyenera kufika kutatsala masiku angati, amene amayamba kusaina ndani, ngati pali fomu yoyenera kutsagana ndi kalata, ndiponso ngati pali nyengo zimene tchuthi sichiperekedwa, monga kumapeto kwa mwezi kwa a maakaunti kapena nyengo ya msika kwa ogwira ntchito za fodya. Muonenso ngati buku limalola kutenga masiku amene simunawasonkhanitse, chifukwa makampani ena amapereka masiku onse a chaka mu Januwale pamene ena amalola okhawo amene akwana. Pa kampani ya mayi uja, tinene kuti ndime 7 ya buku imafuna kuti pempho lifike kutatsala masiku 21. Kuchokera pa 1 Juni kufika pa 29 Juni ndi masiku 28, choncho ali mkati mwa nthawi.

Zonsezi zikadziwika, kalata imakhala yaifupi. M'maofesi ambiri imalembedwa m'Chingerezi, koma zofunika kunena ndi zomwezi, ndipo thunthu lake lingamveke motere: "Bwana, ndikupempha tchuthi cha pachaka cha masiku a ntchito 9, kuyambira Lolemba pa 29 Juni mpaka Lachisanu pa 10 Julayi 2026, osawerengera holide ya pa 6 Julayi, ndipo ndidzabwerera ku ntchito Lolemba pa 13 Julayi. Kontirakiti yanga imandipatsa masiku 18 pa chaka. Malinga ndi ofesi yoona za antchito, pa 31 Meyi ndinali ndi masiku 8 ndi theka, amene adzafike 10 pa kutha kwa Juni, ndipo ndikadzapuma 9 ndidzatsala ndi tsiku limodzi. Ndapereka pempholi kutatsala masiku 28, molingana ndi ndime 7 ya buku la antchito, ndipo fomu ya tchuthi ndi chikalata cha masiku otsala ndaziphatika."

Taonani kuti nambala ya masiku otsala yaperekedwa pamodzi ndi tsiku limene inawerengedwa ndi ofesi imene inaipereka. Nambala yopanda tsiku siithandiza, chifukwa imasintha mwezi uliwonse. Taonaninso kuti kalatayi yatchula kontirakiti ndi ndime ya buku la kampani, koma sinatchule gawo 44 la lamulo. Ndikuona kuti pa pempho wamba, kumene palibe amene wakukanizani chilichonse, kutchula lamulo la dziko kumamveka ngati mwabwera kale ndi mlandu, ndipo bwana amayamba kudziteteza m'malo mosaina. Gawo 44 lisungidwire nthawi imene kontirakiti ikupereka masiku ochepera pa malire aja, kapena pamene mwakanizidwa tchuthi mobwerezabwereza mpaka chaka nkutha. Zikafika pamenepo mumalemba kalata ina yodandaula, mwina mothandizidwa ndi bungwe la antchito ngati lilipo pamalo panu, ndipo zikakanika nkhani imapita ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.

Kalata ikaperekedwa, musanyamuke musanalandire yankho lolembedwa, chifukwa pempho losayankhidwa si chilolezo, ndipo masiku amene mungapume popanda chilolezo akhoza kulembedwa ngati kujomba. Sungani kope losainidwa, ndipo mukabwerako pa 13 Julayi pitaninso ku ofesi yoona za antchito mukaone ngati achotsa masiku 9 monga munapemphera, pakuti holide ya pa 6 Julayi imene munaitchula m'kalata ikhoza kuiwalika polemba m'kaundula.