Kupinda bulaketi ya chitsulo: muyeso wake usanapite kwa odula ndi leza

Ndinajambula bulaketi yooneka ngati L, mwendo wina 50 mm, wina 30 mm. Ndinadulitsa puleti ya 80 mm, koma itapindidwa yatalika ndipo mabowo sakukumana ndi mabawuti. Ndalakwitsa pati?

Ngodya mwaiwerenga kawiri. Muyeso wa 50 mm umayambira kumapeto kwa mwendo kukafika kunja kwa ngodya, wa 30 mm nawonso umakafika pomwepo, ngati kuti chitsulo chimafika pansonga kenako n'kukhota mwadzidzidzi. Chitsulo sichitero ayi. Chimadutsa chidule, mozungulira, ndipo njira yachiduleyo ndi yaifupi.

Tengani buku lonenepa mulipinde. Masamba akunja amakokeka, amkati amafinyana. Puleti imachitanso chimodzimodzi: kunja kwa popinda imatanuka, mkati imapanikizika, ndipo penapake m'kati mwa kuchindikala kwake muli mzere umene sutalika komanso sufupika. Utali wa puleti yosapinda uyenera kutsata mzere umenewo. Mzerewu sukhala pakatikati penipeni, umasendera chamkati mwa ngodya, ndipo nambala yonena pamene wagona ndi imene pakompyuta imalembedwa `K-Factor`. Ikakhala 0.5, mzere uli pakati. Ikakhala 0.4 pa puleti ya 2 mm, mzere uli 0.8 mm kuchokera kumbali yamkati. Pa ntchito zambiri nambalayi imagwera pakati pa 0.3 ndi 0.5.

Ndiye ndiwerengere bwanji?

Tiyeni titenge bulaketi yanu yomweyo. Tinene kuti ndi chitsulo wamba chochindikala 2 mm, rediyasi yamkati mwa popinda ndi 2 mm, tikupinda madigiri 90, ndipo K ndi 0.4. Choyamba tipeze utali wa chigawo chokhotacho, chimene mapulogalamu ojambulira pakompyuta amachitcha `Bend Allowance`.

```
BA = (π/180) × A × (R + K × T)
BA = 1.5708 × (2 + 0.4 × 2) = 4.40
```

A ndi madigiri amene puleti yakhota kuchokera pamene inali yowongoka, R ndi rediyasi yamkati, T ndi kuchindikala. Tsopano pa mwendo uliwonse tichotse kachigawo kamene kalowa m'ngodya. Pa madigiri 90 kachigawoka ndi R kuphatikiza T, kutanthauza 4 mm. Mwendo wautali utsala ndi 46 mm wowongoka, waufupi 26 mm. Mukaphatikiza 46, 4.40 ndi 26 mupeza 76.40 mm. Imeneyi ndiye puleti yoti idulidwe.

Amisiri opinda ambiri sazungulira chonchi. Iwo amaphatikiza miyendo kunjakunja n'kuchotsapo nambala imodzi, `Bend Deduction`:

```
BD = 2 × (R + T) − BA = 8 − 4.40 = 3.60
L  = 50 + 30 − 3.60 = 76.40
```

Yankho ndi lomwelo. Puleti yanu ya 80 mm inapitirira ndi 3.60 mm, ndipo mamilimita amenewo sanasowe: anagawikana m'miyendo malinga ndi pamene wopinda anaika mzere. N'chifukwa chake mabowo anathawa. Ikanakhala bulaketi ya U, yopinda kawiri, mukanachotsa 3.60 kawiri. Samalani kuti R kuphatikiza T kumagwira pa madigiri 90 okha. Pa ngodya ina muzichulukitsa ndi `tan(A/2)`.

Mzere wopindira uli pakati pa chigawo chokhota: 46 kuphatikiza 2.20, ndiye 48.20 mm kuchokera kumapeto kwa mwendo wautali, kapena 28.20 mm kuchokera kumapeto kwa waufupi.

K ameneyu ndimutenga kuti? Pulogalamu yanga ili kale ndi nambala yake.

Apa ndi pamene ndikupemphani mukhale pansi, chifukwa mabulaketi ambiri amene ndawaona akutayidwa anafera pano. Nambala imene mwaipeza m'pulogalamu inaikidwa ndi munthu amene sanaonepo makina amene adzapinde chitsulo chanu. Mukasiya 0.5 pa bulaketi yathuyi, puleti ituluka 76.71 mm m'malo mwa 76.40. Pa popinda pamodzi 0.31 mm mwina simungaimve. Pa bokosi lopinda kanayi motsatizana yadutsa milimita yathunthu, ndipo chivundikiro sichilowa.

Komanso rediyasi ya 2 mm imene mwalemba pachojambula si lamulo kwa makina. Makina ambiri opindira amakankha puleti ndi mpeni wapamwamba kuilowetsa m'ngalande yooneka ngati V, osaifikitsa pansi. Popinda motere, chimene chimalamula kwambiri rediyasi ndi kukula kwa pakamwa pa V. Pa chitsulo wamba rediyasi imatuluka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a pakamwapo. V ya 12 mm imapereka pafupifupi 2 mm. Wopinda akapeza kuti pamakina pali kale V ya 16 mm, imenenso ndi yoyenera pa puleti ya 2 mm, sangaichotse chifukwa cha mabulaketi anu khumi. Rediyasi ikwera kufika cha m'ma 2.7 mm, ndipo choyenera kuchotsa chikhala 3.90 osati 3.60.

Choncho musanamalize chojambula, pitani kapena imbani foni kumene akapinde. Funsani kuti, "Bambo, puleti ya 2 mm mumapindira V yanji, ndipo mumachotsa zingati?" Ambiri ali ndi nambala zawo, ena anazilemba papepala lomata pamakina, ena zili m'mutu. Nambala yawoyo iposa ya m'buku lililonse.

Ngati alibe, yesani nokha. Dulitsani kachidutswa ka puleti yomweyo kotalika 100.00 mm, kapindidwe pakati ndi V yomweyo mpaka madigiri 90 enieni, kenako yezani miyendo yonse kunjakunja ndi vaniya, chida choyezera mpaka tizigawo ta milimita. Tinene kuti mwapeza 51.80 ndi 51.90. Pamodzi ndi 103.70, ndiye makinawo amafuna kuchotsa 3.70 pa popinda paliponse. Kuti mzere unagwa pakati penipeni kapena unaphonya pang'ono zilibe kanthu, chofunika ndi chiwerengero cha miyendo iwiriyo pamodzi. Bulaketi yathu tsopano ikhala 76.30 mm. Ngati pulogalamu ikulola kulemba `Bend Deduction` mwachindunji, lembani 3.70. Ngati ikufuna K basi, bwererani chammbuyo: 8 kuchotsa 3.70 ndi 4.30, kugawa ndi 1.5708 ndi 2.74, kuchotsa rediyasi 2 kutsala 0.74, kugawa ndi kuchindikala ndi 0.37.

Vaniya ili m'manja choncho, yezaninso puletiyo. Imene imagulitsidwa ngati ya 2 mm nthawi zina imapezeka 1.9 kapena kutsikirapo, ndipo masamu onsewa akhazikika pa T.

Bowo ndingaliike pafupi bwanji ndi popinda?

Ganizirani mmene puleti imagonera pa V. Chilichonse chimene chili pamwamba pa mpata wa V chimakokedwa pamene mpeni ukutsika. Bowo likalowa m'derali limatuluka ngati dzira, m'mphepete mwake mutatukuka, ndipo wachala wa bawuti sakhala bwino. Pa V ya 12 mm derali ndi 6 mm mbali iliyonse ya mzere wopindira, ndiye m'mphepete mwa bowo mukhale kunja kwake, ndi kampata kowonjezera.

Pa bulaketi yathu tiike bawuti ya M6, imene imafuna bowo la 6.6 mm, pakati pake pakhale 15 mm kuchokera kumapeto kwa mwendo waufupi. M'mphepete mwa bowo mufika pa 18.3 mm, mzere uli pa 28.2, patsala pafupifupi 10 mm. Palibe vuto. Mukalisendeza kuti pakati pake pakhale pa 20 mm, patsala 4.9 mm yokha ndipo bowo lipotoka. Zikavuta kuti bowo liyenera kukhala pamenepo, liboolereni ndi dirilo mutapinda kale.

Mwendo nawo sungafupike mopitirira. Uyenera kutsamira paphewa la V mpaka kupinda kutha, apo ayi umaterereka n'kugwera m'ngalande. Pa V ya 12 mm ndimakana mwendo wosakwana 9 mm. Ndipo bowo la leza lisachepere kuchindikala kwa puleti, chifukwa laling'ono kuposa pamenepo silituluka loyera.

Ndikufuna kupinda kachigawo kokha, osati m'lifupi monse. Pakona pakung'ambika.

Chigawo chopinda chikukoka chinzake chimene chikufuna kukhala chowongoka. Zilekanitseni ndi kampata kodulidwa mbali zonse ziwiri za popindapo, kamene pakompyuta kamatchedwa `Bend Relief`. M'lifupi kasachepere kuchindikala kwa puleti, ndipo kalowe mpaka kupitirira pang'ono pamene kukhota kwathera. Kumapeto kwake kukhale kozungulira, poti mng'alu umakonda kuyambira pakona yakuthwa. Leza siivutika kudula zimenezo.

Nanga ndikasintha n'kugwiritsa ntchito aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri?

Yesaninso kachidutswa, nambala zakale zisiyeni. Chitsulo chosachita dzimbiri chimabwerera kwambiri mpeni ukachoka, ndipo pa V yomweyo chimapereka rediyasi yokulirapo. Pa aluminiyamu funsani mtundu wake. Wa 5052-H32 amapindika bwino. Wa 6061-T6 amasweka kunja kwa ngodya mukamupinda mothina, amafuna rediyasi yoposa kuchindikala kwake kangapo. Puleti ilinso ndi mitsempha yotsata kumene inkayenda poipsinja kufakitale. Popinda pakadutsa mopingasa mitsemphayo pamalimba kuposa pakaitsata. Ngati izi zili zofunika pa ntchito yanu, lembani pachojambula, chifukwa wodula amatembenuza zidutswa mmene angathere kuti asawononge puleti.

Fayilo yopita kwa odula ikhale yotani?

Mu SolidWorks, Fusion kapena FreeCAD, jambulani bulaketi ndi zida za `Sheet Metal`, muiyale, kenako muitulutse ngati DXF, mtundu wa fayilo umene odula ndi leza amagwiritsa ntchito. Musanatumize, itsekuleninso muyeze utali wake. Ukhale 76.30 ngati mmene munawerengera pamanja. Mukaona 3.00 kapena 1938, mamilimita asokonekera ndi mainchi.

M'fayilomo mukhale mzere wakunja ndi mabowo basi, pa muyeso weniweni wa 1:1. Mzere uliwonse utsekeke, ndipo pasakhale mizere iwiri yogonerana, chifukwa makina adutsapo kawiri n'kuwotcha m'mphepete. Manambala a miyeso ndi mafelemu chotsani. Mzere wopindira uikeni pa `layer` yakeyake yotchedwa `BEND`, ndipo muwauze odulawo kuti ndi wongolemba chizindikiro. Ine ndinaiwalapo zimenezi tsiku lina, ndipo mabulaketi makumi awiri anabwera atadulidwa pawiri, ndendende pamene ndinkafuna kupinda.

Musawonjezere kalikonse poganizira kampata kamene moto wa leza umadya. Kamakhala cha m'ma 0.1 mpaka 0.3 mm pa puleti zopyapyala, ndipo pulogalamu ya makinawo imakakonza yokha. Mukakonzanso inu, mabowo ndi m'mphepete zonse ziphonya.

Pambali pa DXF tumizani PDF yoonetsa bulaketi itapindidwa: mtundu wa chitsulo, kuchindikala, chiwerengero, madigiri, rediyasi, ndi mbali imene ikupindikira, m'mwamba kapena pansi. Bulaketi ya mabowo osafanana ikapindidwira mbali yolakwika imasanduka yakumanzere pamene mumafuna yakumanja. Onetsaninso muyeso umodzi umene sufunika kuphonya. Pa bulaketi yathu ndi kuchokera kumsana wa mwendo wautali kukafika pakati pa bowo la mwendo waufupi, 15 mm. Wopinda akaudziwa, apinda chidutswa choyamba, ayeza pamenepo, asendeza chotsamiritsa cha kumbuyo kwa makina, ndipo kaphonyedwe kotsalako akakankhira kumwendo wautali kumene sikapweteka kanthu.