Dipoziti ya mekaapu imagula Loweruka lanu, osati phauda

Mkwatibwi wina anandiimbira foni Lachitatu madzulo, ukwati uli Loweruka lomwelo. Mawu ake anali ofewa ngati palibe chachitika. "Asisi, paja tinati mubwera ku Chilinde? Zasintha pang'ono, tikavalira kwa azakhali ku Mponela. Komanso aperekezi awonjezekera atatu." Ine ndinali nditalandira kale theka la ndalama miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo zonse tinangokambirana pakamwa titaima pakhomo la saluni. Ndinapita ndithu, koma ndinabwerako nditaluza, iyenso anachedwa kutchalitchi ndi ola lathunthu, ndipo mpaka lero akhoza kukuuzani kuti wolakwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo sindigwira nkhope ya mkwatibwi popanda pepala.

Pepalalo si la maloya. Ndi tsamba limodzi, lolembedwa m'Chichewa chimene tonse timamva. Mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano ndithu, vuto lake ndi lakuti tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Ndikuonetsani mmene ndimalembera potengera chitsanzo chimodzi. Mitengo ndaikamoyi ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, aliyense ali ndi yake.

Tinene kuti mkwatibwi ndi aperekezi ake anayi avalira ku Kawale, ndipo ukwati udalitsidwa 8 koloko m'mawa. Nkhope ya mkwatibwi ndi K80,000, aperekezi K30,000 aliyense, zonse pamodzi K200,000. Mzere woyamba ndi wa tsiku, ndipo ndimalemba dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka. "Kumapeto kwa Okutobala" si tsiku. Ndimalembanso kuti mwambo wake ndi uti, chifukwa kwathu kuno pali chinkhoswe, pali bulaido shawa, pali ukwati weniweniwo, ndipo ena amaganiza kuti akalipira kamodzi ndiye kuti ndakhala wawo pa miyambo yonse itatu.

Chimene anthu ambiri amaiwala pa mzere umenewu ndi nthawi, ndipo nthawi imawerengedwa chobwerera m'mbuyo. Ngati kutchalitchi ndi 8 koloko, galimoto inyamuke pakhomo 7:30. Kuvala diresi ndi velo, pamodzi ndi wojambula amene amafuna zithunzi za m'chipinda, zimadya ola, choncho ine ndikhale nditatseka chikwama 6:30. Mkwatibwi ndimamutengera ola limodzi, mperekezi aliyense mphindi 40. Anayiwo ndi mphindi 160, kuphatikiza ola la mkwatibwi ndi maola atatu ndi mphindi 40. Ndikakhala ndekha, burashi iyenera kukhudza nkhope yoyamba 2:50 usiku. Mkwatibwi akaona nambala imeneyi papepala amayamba wakhala chete, kenako amamvetsa chifukwa chake ndimanena kuti tibwere awiri ndi wondithandiza n'kuyamba cha m'ma 4:30. Amamvetsanso kuti aperekezi atatu ongotulukira Lachitatu aja si "pang'ono", ndi maola awiri amene palibe poti tiwatenge.

N'chifukwa chake ndimalemba chiwerengero cha nkhope, ndi mawu akuti amene sanalembedwe adzaphodedwa pokhapokha nthawi itatsala, olembedwawo atatha, ndipo adzalipira pomwepo. Mzere umenewu umateteza mkwatibwi kuposa ine. M'mawa wa ukwati m'nyumba mumadzaza anthu, ndipo sipalephera kubwera mayi wamkulu, mwina nkhoswe imene, n'kukhala pampando wanga akuti, "Mwanangu, ingondipakako kalipisitiki kokha." Mkwatibwi sangawakanize. Ine ndikhoza, mwaulemu, ndikuloza pepala.

Za mayendedwe ndimalemba zinthu zitatu: malo enieni, amene anditenge kapena kulipira, ndi nthawi yobwerera. Malo enieni ndi ofunika chifukwa mu Lilongwe muno "ku 25" kapena "ku 49" ndi dera lalikulu loti munthu ukhoza kuzungulira mumdima theka la ola. Ndimapempha chizindikiro chodziwika, monga sukulu kapena chigayo, lokeshoni ya pa WhatsApp, ndi nambala ya munthu wina wa pakhomopo, poti foni ya mkwatibwi tsiku limenelo imakhala m'manja mwa aliyense. Ndipo 4 koloko m'bandakucha kulibe minibasi. Kabaza wa njinga yamoto sindikwera nditanyamula chikwama cha zipangizo ndi nyali yanga mumdima, makamaka nyengo ya mvula misewu ya m'makwalala ikasanduka matope. Ndiye patsala takisi yobukiratu, kapena galimoto ya ukwati idzanditenge.

Njira yachiwiriyi imaoneka yotchipa koma ndi imene imapweteketsa. Galimoto ya ukwati imakhala ndi ntchito khumi, ndipo mafuta akasowa m'tauni dalaivala amagona pamzere. Tikagwirizana kuti adzanditenga, ndimalemba kuti galimoto ikachedwa, nthawi yotayikayo ichoka pa aperekezi, osati pa mkwatibwi. M'chitsanzo chathu ndimaika K20,000 ya thiransipoti, kupita ndi kubwera, pa mzere wakewake, kuti isasakanikirane ndi mtengo wa ntchito. Malo akasintha n'kutuluka m'tauni, kaya ku Mponela, ku Dedza kapena kunyanja ku Salima, mtengo wa mayendedwe timaukambirana mwatsopano, ndipo ngati kuyamba 4:30 kukutanthauza kuti ndikagone komweko Lachisanu, malo ogona ndi a eni ukwati. Ngati akufuna ndidikire kuti ndikakonzenso nkhope asanalowe mu holo masana, nayonso ndi ntchito ina yokhala ndi mtengo wake, chifukwa kudikira kuyambira 7 koloko mpaka 1 koloko ndi tsiku lathunthu.

Tsopano dipoziti, pamene pamabadwira mikangano yambiri. Anthu amaganiza kuti dipoziti ndi ndalama yogulira faundeshoni ndi nsidze zomata, kotero ukwati ukalephereka amati, "Simunandipake kanthu, bwezani." Koma chimene munagula ndi tsiku. Mwezi uli ndi Maloweruka anayi kapena asanu basi, ndipo m'miyezi ya maukwati mvula isanayambe, Loweruka la kumapeto kwa mwezi limafunidwa ndi anthu angapo. Ndikalemba dzina lanu pa kalendala, ena onse ndimawabweza. Mukandiuza kutatsala sabata imodzi kuti zalephereka, amene ndinawabweza aja anapeza kale wina, ndipo Loweruka limenelo ndikhala pakhomo.

Ine ndimatenga theka, ndiye pano ndi K100,000, ndipo tsiku silikhala lanu mpaka ndalamayo italowa. Kulonjezana pa foni sikusunga tsiku. Ndalama ikadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nonse awiri sungani uthenga wotsimikizira uja, ndipo nambala yake ilembedwe papepala. Mugwirizanenso za yochotsera, kakhale kanthu kakang'ono koma ndaona anthu akukwiyirana chifukwa cha iko. Yotsalayo, K100,000 pamodzi ndi K20,000 ya thiransipoti, ndimati ilowe pofika Lachinayi. Mawu akuti "tikupatsani ikatha perekaniperekani" ndinasiya kuwamvera. Perekaniperekani ikatha ndalama imakhala m'manja mwa komiti, akwati anyamuka, ndipo iwe umayamba kuimbira tcheyamani amene sanakuonepo nkhope.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo zathu pafupifupi zonse zimachokera kunja. Amene tinalandira madipoziti a maukwati a Disembala tinagwira ntchito pa mtengo wakale ndi katundu wa mtengo watsopano. Maganizo anga ndi akuti mtengo wolembedwa usasinthe, poti mkwatibwi naye ali ndi bajeti yake ndipo dipoziti iyenera kumugulira mtendere. Chimene ndimachita ndi kuika malire: mtengowo ugwira ntchito pa tsiku lolembedwalo, ndipo ukwati ukasunthidwa kupitirira miyezi itatu, yotsala ija iwerengedwa pa mtengo wa nthawi imeneyo.

Kusintha tsiku ndiye kumafuna mtima wa umunthu pamodzi ndi malamulo omveka. Malamulo anga ndi awa. Mukandiuza kutatsala masiku 30 kapena kuposerapo, dipoziti imasamukira ku tsiku latsopano kamodzi kwaulere, ngati tsikulo ndili womasuka. Ngati ndili kale ndi ukwati wina, ndimabweza theka la dipoziti, K50,000, chifukwa mwezi wathunthu ukhoza kundipezera kasitomala wina. Kutatsala masiku ochepera 30 sindibweza kanthu. Koma maliro sapangana ndi munthu. Pakagwa zovuta m'banja la mkwati kapena mkwatibwi, ndinalemba kuti dipoziti isungidwa mpaka miyezi 6 mosayang'ana kuti andiuza liti. Kuilanda ndalama ya munthu amene ali pa maliro a mayi ake, ngakhale pepala litandilola, mu Lilongwe muno sindingayendenso ndi mutu woimika.

Mkwatibwi, musasaine pepala limene likungokamba za zolakwa zanu zokha. Funsani kuti, "Nanga inuyo mukapanda kubwera?" Langa limati ndikadwala kapena kulephera, ndipeza mnzanga wa luso lofanana, ndikuonetsani zithunzi za ntchito yake, ndipo mukamukana ndibweza ndalama yonse pasanathe masiku atatu. Funsaninso ngati ali ndi ukwati wina m'mawa womwewo. Wophoda amene akuzemba funso limeneli, kapena akukana kulemba nthawi yofikira, kawirikawiri amakhala atalandira madipoziti awiri pa Loweruka limodzi, ndipo mmodzi wa inu adzaphodedwa mothamanga. Chizindikiro china ndi munthu wofuna ndalama yonse nthawi imodzi miyezi isanakwane, koma osafuna kulemba kalikonse.

Pa ukwati pamakhala olamula ambiri, choncho ndimalemba dzina la munthu mmodzi yekha amene angasinthe zinthu, nthawi zambiri mkwatibwi mwini. Mlamu wake akandiimbira kuti nthawi yasintha, ndimayankha kuti, "Zikomo achimwene, auzeni akwati andilembere." Kusintha kulikonse kulembedwe, ndipo winayo ayankhe kuti wavomera. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira, ndipo lamulo la dziko lino la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limavomereza mauthenga otere ngati umboni. Koma ulembedwe ndi zala. Voisi noti ya mphindi zinayi yoyamba ndi moni wa ana ndi nkhani ya keke, palibe amene adzaipeze tsiku la mkangano.

Tikamaliza timasaina tonse awiri, tsiku losainira lilembedwe, wina atenge pepala winayo alijambule pa foni. Amene ali kutali ndimamutumizira chithunzi chake, iye n'kuyankha kuti "ndawerenga ndipo ndavomera" asanatumize ndalama. Mwezi wathawu mkwatibwi wina wa ku Likuni analiwerenga kawiri, n'kundifunsa kuti magetsi akadzazima 4 koloko m'mawa tidzaonera chiyani. Nyali yanga ndi yotchaja ndipo ndimayenda nayo nthawi zonse, koma papepala panalibe. Ndinatenga cholembera n'kuwonjezera pansi, tonse tinasainanso pambali pake.