Mchira wakuda kapena woyera: zomwe monita yanu ikukuuzani

Eni mashopu a magemu muno mu Mzuzu amabwera ndi dandaulo lofanana: osewera mpira pa sikirini akathamanga, amakoka kamchira kumbuyo. Funso langa loyamba limakhala lakuti, mchirawo ndi wakuda kapena woyera? Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala a amodzi amakulitsa enawo.

Sikirini ya LCD imapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. M'kadontho kalikonse muli timadzi ta makiristalo tomwe timatembenuka magetsi akatikankha, n'kulola kuwala kochuluka kapena kochepa kudutsa. Kutembenukako kumatenga nthawi, ndipo nthawiyo ndi yomwe amalemba pa katoni kuti 1ms kapena 5ms GtG, kutanthauza mamilisekondi ochokera pa mtundu wina wotuwa kufika pa wina. Monita ya 60Hz imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 alionse, ya 144Hz pa 6.9. Kadontho kakachedwa kuposa pamenepo, chithunzi chatsopano chimafika chakale chisanafufutike, ndipo mumaona mchira wa mtundu wofanana ndi chinthu chikuyendacho. Mapanelo a VA, omwe ndi mtundu umodzi wa masikirini a LCD, ndiwo amachedwa kwambiri potuluka mu mtundu wakuda, n'chifukwa chake pa gemu ya mumdima chithunzi chimaoneka chopakika.

Opanga mamonita anapeza njira yofulumizitsa makiristalo, yotchedwa ovadiraivi. Tiyerekeze kuti kuwala timakuyeza kuyambira 0 mpaka 255, ndipo kadontho kali pa 50 kakuyenera kufika pa 150. Monita imakankha magetsi ngati kuti ikufuna 190, podziwa kuti chithunzi chotsatira chikamafika, kadonthoko kadzakhala katangofika cha pa 150. Zili ngati wakabaza wopalasa mwamphamvu kuti afike msanga pa siteji: akapitirira muyeso, amadutsa pamene pali pasenjala n'kubwerera. Kadontho nako kakakankhidwa mopyola kamafika 175, kenaka n'kutsika. Kupitirirako ndi komwe kumaoneka ngati mphete yowala kumbuyo kwa chinthu chakuda, kapena mzere wakuda kumbuyo kwa chinthu chowala.

Nayi nkhani yomwe imasokoneza ambiri. Munthu wagula monita ya 144Hz, waika `Overdrive` pa `Strong`, ndipo pa kompyuta zonse zili bwino. Kenaka walumikiza PlayStation 4, yomwe imatulutsa 60Hz basi. Kukankha komwe kunawerengeredwa mamilisekondi 6.9 tsopano kukukhalitsa mamilisekondi 16.7, ndiye kadontho kapeza nthawi yokwanira yothamangira mpaka kufupi ndi 190 kuja. Wosewera wovala jezi yabuluu akamadutsa pa udzu wobiriwira, amatsatidwa ndi chithunzithunzi choyererako. Monitayo siinaonongeke, ndipo kusintha chingwe cha HDMI n'kutaya ndalama chabe. Tsitsani pa `Medium` kapena `Weak`. Zomwezi zimachitika ngati mwayatsa FreeSync, njira yopangitsa monita kutsatira liwiro lomwe gemu ikutulutsira zithunzi, ndipo gemu yalemera, zithunzi n'kutsika kufika 60 pa sekondi. Mamonita ochepa okha, makamaka okhala ndi chipangizo cha G-Sync mkati, chomwe chimagwira ntchito yofanana ndi FreeSync, ndiwo amasintha okha mphamvu ya kukankhako.

Dzina la ovadiraivi m'menyu ya monita limasiyana. AOC amalemba `Overdrive`, Dell ndi LG amalemba `Response Time`, ASUS ambiri ndi `Trace Free`, BenQ ndi `AMA`. Poyesa, tsegulani `testufo.com/ghosting`, tsatirani kachithunzi koyendako ndi maso, ndipo yang'anani kumbuyo kwake, makamaka pa mzere wa mtundu wakuda. Yambani pa mulingo wotsikitsitsa, muzikweza umodziumodzi. Mchira uzifupika, ndipo pamene mphete yowala yayamba kuonekera, bwererani kamodzi. Kawirikawiri mumathera pa mulingo wapakati. Wapamwamba kwambiri, kunena zoona, ndimaona kuti anauikira kuti apeze cholemba 1ms pa katoni, osati kuti munthu aziseweretsa.

Musayese monita yongoyatsidwa kumene, makamaka m'mawa wa Juni kapena Julaye pamene chisanu cha Mzuzu chaluma. Makiristalo akazizidwa amalemera n'kumatembenuka mwaulesi, choncho mchira wakuda umatalika. Mukakweza ovadiraivi nthawi imeneyo, monita ikatentha mudzapeza mphete zoyera. Ipatseni mphindi 20 kapena 30 kaye.

Pali kusaoneka bwino kwina komwe ovadiraivi singakuthetse. Pa 60Hz chithunzi chilichonse chimaima mamilisekondi 16.7 pamene diso lanu likupitiriza kutsatira mpira, ndiye mpira wonsewo umaoneka wachimbuuzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ngakhale makiristalo atakhala achangu bwanji. Kumeneko kumachepa ngati monita ndi makina osewerera zonse zikutha kupereka 120Hz kapena kuposerapo.