Uthenga wa "Bigi boo, nditani?" suyankhika

Chaka chilichonse timalandira achinyamata odzaphunzira ntchito mu ofesi yathu ya zachuma, ndipo chaka chilichonse ndimalandira uthenga womwewomwewo, nthawi zina usiku: "Bigi boo? Zija sizikubalansa. Nditani?" Ndatopa nawo.

Za "bigi" sinditayapo nthawi, mukudziwa kale kuti wokuyang'anirani pantchito si mnzanu wa kubawo. Chondivuta n'chakuti uthengawu suyankhika. Zija ziti? Zasiyana ndi ndalama zingati? Mwayang'ana pati? Kuti ndikuthandizeni ndiyambe ndakufunsani mafunso atatu, pomwe ndili mumsonkhano. Ndiye ndimati ndiyankha bwino lake, tsiku n'kutha.

Uthenga womwewo ulembedwe chonchi, nthawi ya ntchito:

"Mwadzuka bwanji Mayi. Ndamaliza kuwerengera ndalama za m'kabokosi za mwezi wa Meyi. Malisiti akuperewera K12,500 poyerekeza ndi zimene zalembedwa m'buku. Ndawonkhetsa kawiri, ndipo ndikuganiza kuti lisiti ya mafuta ya pa 14 ndiyo ikusowa. Chonde mundithandize: ndikafunse adalaivala, kapena pali fomu yolembapo lisiti ikasowa? Lipoti likufunika Lachisanu, choncho mukapeza mpata mawa, mphindi khumi zindikwanira."

Mwaona kuti mulibe "pepani pokuvutitsani" kasanu. Ulemu uli pa moni, pa "chonde", ndiponso pakuti mwana wagwira mbali yake asanabwere kwa ine. Ndingathe kuyankha ndi mawu awiri, "funsani adalaivala", iye n'kupitiriza ntchito.

Pofuna kumva mmene mukugwirira ntchito, musalembe kuti "Ndikuchita bwanji?" Yankho lake ndi "bwino", ndipo simuphunzirapo kanthu. Lembani kuti: "Pa lipoti ndinakupatsani Lolemba, ndi pati pamene mukanalemba mosiyana, kuti la mwezi uno ndikonze?" Musakopenso makalata a Chingerezi chapatali kwa anzanu odzitcha akatswiri. Timawazindikira, ndipo funso lanu lenileni limasowa m'menemo.

Koma choopsa kuposa zonse ndi kuchedwa. Mtsikana wina wanzeru ndithu anatumizira mnzanga wa mu ofesi mawu amodzi okha: "Mwaona?" Sanayankhidwe, poti mnzangayo sanadziwe kuti akunena chiyani. Mtsikanayo anangoti abwana sakumufuna, n'kukhala chete. Anapitiriza kulemba ndalama za mafuta pamzere wa zokonzetsera galimoto mpaka sabata yake yomaliza, pomwe anabweretsa fomu ya kusukulu kuti isayinidwe. Cholakwa chokonzeka m'mphindi zochepa chinalowa pa fomuyo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mukapanda kuyankhidwa masiku awiri a ntchito, lembaninso mwaulemu, mutchule nkhani yake ndi tsiku limene ikufunika. Zikakanikabe, dzukani pampando mukagogode pachitseko, pepala lili m'manja.