Kachatiboti kakufunsa dzina, iwe ukuyankha tsiku

Mchemwali wanga wina ali ndi saluni pa Nchalo, ndipo anatopa ndi kuyankha ma meseji manja ali m'mutu mwa kasitomala, ndiye anandipempha ndimupangire kachatiboti ka pa WhatsApp koti kazilemba anthu ofuna malo. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndinaona ngati ndi za tsiku limodzi. Inanditengera masabata, ndipo chovuta sichinali kuti kabotiko kazilankhula bwino ayi, koma kuti kazikumbukira zimene munthu wanena kale ndi zimene sananene.

Kumbuyo kwa macheza onse aja kuli kafomu basi, kokhala ndi mipata itatu: ntchito imene mukufuna, tsiku, ndi dzina. Ife timati ma siloti. Meseji iliyonse ikalowa, kaboti kamasanthula kuona ngati muli china choti kathire mu mpata wina, kenako kamayang'ana mpata woyamba umene udakali wopanda kanthu n'kufunsa za umenewo. Mu Rasa, pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito, zimalembedwa chonchi:

```yaml
forms:
  saluni_form:
    required_slots:
      - ntchito
      - tsiku
      - dzina
```

Ndondomekoyi ndi ya kafunsidwe chabe, si yokakamiza kasitomala. Mayi akalemba kuti "Mwaswera, ndikufuna kuluka mkuja", mipata iwiri yadzaza nthawi imodzi, kwatsala dzina lokha. Boti yowafunsanso kuti "Mukufuna tsiku liti?" pamenepa ndi yopanda nzeru, ndipo anthu akwathu kuno sapirira zimenezo, amangoitseka n'kuimba foni.

Tiyeni titsatire mayi ameneyu. Alemba meseji ija Lachitatu pa 12 Malichi 2025. Mawu oti mkuja kaboti sikayenera kuwasunga momwemo, kayenera kuwerengetsa pompopompo n'kusunga `2025-03-14`, Lachisanu. Chifukwa chake ndi ichi: kuno netiweki imathawa, bando imatha, foni imazima magetsi akapita, ndiye mayiyo atha kudzapitiriza machezawo Lachinayi, ndipo ngati munasunga mawu akuti mkuja n'kudzawamasulira pa mapeto, mwawalembera Loweruka iwo akubwera Lachisanu, ayenda ulendo wonse wochokera ku Ngabu pa minibasi dzuwa lathu lija likuswa mtengo, n'kupeza pampando pali wina. Palinso kamsampha ka wotchi. Ma seva ambiri, makompyuta amene kaboti kamakhalamo, amayendera wotchi ya dziko lonse yotchedwa UTC pomwe Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, ndiye munthu akalemba "mawa" 1 koloko usiku, kwa seva kudakali dzulo, tsiku limabwerera m'mbuyo ndi limodzi. Mukaona kuti olakwika masiku ndi okhawo olemba pakati pa usiku, musafufuze kwina, ikani wotchi ya kaboti pa nthawi ya kwathu, `Africa/Blantyre`, basi.

Mawu a masiku ndinachita kuwalemba ndekha m'ndandanda: lero, mawa, mkuja, Lolemba mpaka Lamulungu, kuphatikizapo Mande, Fulaide, Sande monga timatchulira, komanso mangwana chifukwa makasitomala ambiri amaponyamo Chisena. Mawa ndi m'mawa zinandivutitsa heve, poti pa foni palibe amene amasamala kachizindikiro kaja, wina alemba mmawa, wina mamawa, wina "mawa mawa" akutanthauza mawa m'mawa. Pamenepo ndi bwino kufunsa kusiyana n'kulosera.

Koma nkhani yeniyeni inabwera pa dzina. Kaboti kanafunsa kuti "Tilembe dzina loti ndani?" mayiyo n'kuyankha kuti "Mayi Sande". Kaboti kaja kanaona mawu akuti Sande, kanasangalala kuti kapeza tsiku, kanafufuta Lachisanu n'kuikapo Lamulungu, mpata wa dzina n'kukhalabe wopanda kanthu, kenako kanafunsanso dzina. Ayankhanso chimodzimodzi, kafunsanso. Katatu! Ndipo maina otere ndi ambiri kwathu kuno, a Sande, a Fulaide, a Januwale, osanena za a Mavuto amene kaboti kankawatenga ngati akudandaula n'kuyamba kuwapepesa.

Mankhwala ake ndi oti kaboti kazikumbukira funso limene kangofunsa kumene. Mu Rasa muli siloti yapadera yotchedwa `requested_slot` imene imasunga zimenezo, ndiye umalamula kuti dzina lizitengedwa pokhapokha funso lomaliza linali la dzina:

```yaml
slots:
  dzina:
    type: text
    mappings:
      - type: from_text
        conditions:
          - active_loop: saluni_form
            requested_slot: dzina
```

Izi zokha sizikwana, umayeneranso kutseka mpata wa tsiku kuti usamatole chilichonse nthawi imene tikudikira dzina. Ndiye apa pamabuka vuto lina, chifukwa `from_text` imameza chilichonse chimene munthu walemba. M'buku la mchemwali wanga munapezeka kasitomala dzina lake "Kodi ndi zingati". Munthu anafunsidwa dzina, iye n'kufunsa mtengo, monga momwe tonse timachitira tikamacheza, ukafunsidwa ichi umayamba wafunsa chako. Choyenera apa n'choti kaboti kazindikire kuti ili ndi funso, kayankhe mtengo wa kuluka, kenako kabwerere pomwe kanalekezera, "Ndiye tilembe dzina loti ndani?" mipata iwiri ija ili chikhalire. Ine ndinaika kasefa koyang'ana yankho lisanalowe m'fomu: ngati likuyamba ndi kodi, kapena muli zingati, bwanji, kapena mawu apitirira asanu, si dzina limenelo. Kamachotsanso "ndine" ndi "dzina langa ndi" kuti m'buku musalembedwe chiganizo chonse.

Nanga munthu akasinthadi maganizo? Wafunsidwa dzina, iye akuti "ayi pepani Lachisanu kuli maliro, likhale Loweruka". Mukatseka mpata wa tsiku kotheratu ndiye kuti mwamutsekera panja. Kusiyana kwake ndi nkhani ya Mayi Sande ndi mawu ozungulira aja, ayi, sinthani, likhale, m'malo mwake. Amenewa akapezeka pamodzi ndi tsiku, kaboti kamasintha tsiku lokhalo n'kunena poyera kuti kasintha. Muonenso kuti m'chiganizo chimenechi muli masiku awiri, ndipo boti yongotola loyamba idzasunga lomwe munthu akulikanalo.

Tsiku likalowa liyeneranso kupimidwa: kodi silinadutse kale, saluni imatsegula tsiku limenelo, malo alipo? Likakanika, mpata wa tsiku wokhawo ubwerere kukhala wopanda kanthu ndipo munthu auzidwe chifukwa chake, osati kumuyambitsanso zonse ngati walakwa mayeso. Ndipo kaboti kakalephera kawiri pa funso limodzi, ine ndimakaletsa kufunsa kachitatu, kamangopereka machezawo kwa mwini saluni.

Mipata itatu ikadzaza timawerengera munthu zonse tisanalembe m'buku: "Mayi Sande, kuluka, Loweruka pa 15 Malichi. Zili bwino?" Dzina la tsiku ndi deti ziziyendera limodzi, chifukwa ambiri 15 sawaitengera kanthu koma akaona Loweruka pomwe amafuna Lachisanu amadzidzimuka. Apanso yankho silibwera loyera, ena amati eya, ena ee, ena inde, ena amangoponya kachala kaja, ndipo ena amati "zikomo", amene kwathu kuno atha kukhala kuvomera kapena kungotsanzika. Ameneyo ndinamuika m'gulu la kuvomera pa funso lomalizali lokha, kwina konse kaboti kamangoyankha kuti zikomo nanunso n'kubwereza funso lake.