N6 ya ku Joni ndi dipuloma kapena ayi?

Pa ntchito yanga yosankha anthu oti tiwaitane ku intavyu, mawu amene amatikanganitsa kwambiri ndi aja amabwera kumapeto kwa chilengezo: "dipuloma ya zowerengera ndalama kapena maphunziro ofanana nayo". Wofunsira ntchito akawaona amati khomo latseguka. Ife tikawaona timadziwa kuti tiyenera kuyankha funso lovuta, lakuti kufananako tikuyeza ndi chiyani.

Nditenge chitsanzo chimene chimabwera kawirikawiri. Mtsikana wina anabwerera kumudzi kuchokera ku South Africa atachita maphunziro a kayendetsedwe ka ndalama pa koleji ya boma yophunzitsa ntchito. Mu envulopu yake munali masatifiketi atatu, N4, N5 ndi N6, onse enieni, magiredi ake abwino. M'kalata yake analemba kuti ali ndi dipuloma. Sindikuganiza kuti ankanama. Anafika pa N6, pamene pathera maphunziro a m'kalasi, ndipo anzake onse kumeneko ankangoti "tamaliza".

Vuto lili pa mmene maphunzirowa anakonzedwera. Pa maphunziro a zamalonda, gawo lililonse limatenga miyezi 6 ndipo lili ndi maphunziro anayi. Ndiye kuti N4 mpaka N6 ndi miyezi 18 ya m'kalasi, maphunziro 12. Koma dipuloma yake, imene papepala imalembedwa kuti National N Diploma, siituluka munthu akangokhoza N6. Ayenera kukagwira kaye ntchito yogwirizana ndi zimene anaphunzira kwa miyezi ina 18, maola osachepera 2,000, abwana ake n'kulemba kalata yofotokoza zimene ankachita, kenako kudzera ku koleji yake n'kupempha dipulomayo ku dipatimenti ya boma yoona za maphunziro apamwamba. Pa makwerero a maphunziro a ku South Africa, amene ali ndi masitepe 10 ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la SAQA, masatifiketi a N4 mpaka N6 ali pa sitepe 5, pamene dipulomayo ili pa sitepe 6. Mtsikanayu anali atayenda theka la ulendo wa zaka zitatu, ndipo anali sitepe imodzi pansi pa zimene chilengezo chinkafuna.

Mnzanga wina pa gulu lathu anamuikira kumbuyo, ndipo mfundo yake sinali yopepuka. Anati zimene mtsikanayu anaphunzira m'kalasi, monga kulemba mabuku a ndalama ndi kuwerengera mtengo wopangira katundu, sizikusiyana kwenikweni ndi za ana ena amene ali ndi madipuloma a kuno ku Malawi. Mwina n'zoona. Koma ine ndimati tisafunse kuti munthuyu anakhala m'kalasi nthawi yaitali bwanji. Tifunse kuti amene anamuphunzitsa anamupatsa chiyani, ndipo akuti chatsala n'chiyani. Ngati eni ake maphunzirowo akuti dipuloma sinakwane, ife a kunja kuno tilibe mphamvu yoikwaniritsa ndi chifundo. Komanso mu mulu womwewo munali anthu ena amene tinawasiya chifukwa anali ndi satifiketi yokha. Tikanamulowetsa iyeyu, tikanawayankha chiyani?

Lamulo lomweli ndimaligwiritsa ntchito pa digiri yosamaliza. Munthu anachita zaka zitatu mwa zinayi, fizi inavuta, anasiya. Amabweretsa thiransikiriputi, chikalata chija chosonyeza maphunziro amene anatenga ndi magiredi ake, n'kunena kuti zaka zitatu za digiri zikuposa dipuloma. Thiransikiriputi ndi umboni wakuti anaphunzira, koma si umboni wakuti anapatsidwa kanthu. Mayunivesite ena amapereka satifiketi kapena dipuloma kwa munthu wotulukira panjira ngati anakwanitsa gawo loikika, ndipo amene anaphunzira pamalo otero akapemphe, chifukwa pepala limenelo ndi loti tingaliwerengere. Wosiyana ndi ameneyu ndi uja anakhoza zonse koma akudikira mwambo wolandira digiri. Iyeyo kalata ya yunivesite yotsimikiza kuti anamaliza ndipo digiri yavomerezedwa imakwana kwa olemba ntchito ambiri. Mukaiwerenga kalatayo muyang'ane mneni wake. "Anamaliza" ndi "akuyembekezeka kumaliza" ndi nkhani ziwiri.

Kuwerenga zaka kumasokeretsanso mbali inayo. Ndinaonapo anthu akufuna kutaya digiri ya ku Mangalande chifukwa choti ndi ya zaka zitatu pamene zathu zambiri ndi za zaka zinayi. Anaiwala kuti mwana wa kumeneko amalowa yunivesite atakhala pasukulu zaka 13, pamene wathu amakhala zaka 12, zisanu ndi zitatu ku pulayimale ndi zinayi ku sekondale. Zaka zochepa sizitanthauza digiri yaing'ono, monganso zaka zambiri zosamaliza sizisanduka digiri.

Nanga woweruza ndani? Ku Malawi, maphunziro apamwamba a kunja amaunikidwa ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Iwo amaona ngati sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake, ngati pepalalo ndi lenileni, ndi pamene likugwera pa maphunziro a kuno. Wopita ku South Africa ndi mapepala a kuno amachita zomwezo ku SAQA. Langizo langa ndi lakuti muchite zimenezi musanaone chilengezo, chifukwa masiku ofunsira ntchito amakhala ochepa ndipo kuunika kumadikira mayankho ochokera kunja. Koma kalata yoteroyo musaipatse mphamvu imene ilibe. Imanena msinkhu wa maphunziro anu. Siikakamiza wolemba ntchito kuvomereza kuti dipuloma ya zokopa alendo ingalowe m'malo mwa ya zowerengera ndalama, ngakhale zili pa msinkhu umodzi. Ndipo pa ntchito monga unamwino ndi udokotala pamafunikabe kulembetsa ku khonsolo ya ntchitoyo.

Mtsikana uja sitinamuitane pa ntchito imeneyo. Koma poona bwino mapepala ake ndinapeza kuti atakhoza N6 anagwirako ntchito mu ofesi ya ndalama ya sitolo ina komweko kwa miyezi 11, ndipo analibe kalata iliyonse yochitira umboni. Ndinamuuza kuti alembere abwana ake akalewo nthawi isanapite, awapemphe kalata yotchula masiku amene anayamba ndi kusiya komanso ntchito zenizeni zimene ankagwira, osati yongoti anali wakhama. Ngati miyezi imeneyo ivomerezedwa, yatsala 7. Ndinamuuzanso kuti afunse koleji yake, ndipo imuyankhe molemba, ngati miyezi yotsalayo angaigwirire kuno.

Pakadali pano, polemba kalata yofunsira ntchito asadzitchule kuti ali ndi dipuloma. Alembe kuti ali ndi satifiketi ya N6, anamaliza maphunziro onse 12 a m'kalasi, ndipo wakwanitsa miyezi 11 mwa 18 imene ikufunika kuti alandire dipuloma. Chilengezo chikafuna satifiketi, ali pamwamba pa anzake ambiri. Chikafuna dipuloma koma n'kuwonjezera kuti amene ali pafupi kumaliza nawonso afunsire, chiganizo chimenecho n'chimene chingamulowetse. Chikangoti dipuloma basi, adikire miyezi 7 ija.